Malonda akuyenda koma mashelefu akupita pansi: ndalama za shopu zikuthera kuti?

Nachisale

Akuluakulu a pa gulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kashopu, chaka chino ndi chachitatu. Makasitomala sindikudandaula, pa tsiku ndimagulitsa pafupifupi 50,000, tsiku lina kupitirirako pang'ono, tsiku lina kuchepera. Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi chakuti nthawi iliyonse ndikapita kukaoda, ndalama zimakwanira katundu wochepa kusiyana ndi ulendo wapita. Shelefu ya pamwamba ndayamba kuikapo makatoni opanda kanthu kuti anthu asaone mpata. Sindimwa mowa, sindigula zovala zodula, sindinaberedwepo. Kunyumba timadya za mu shopu momwemo koma si zambiri. Kodi ndikulakwitsa pati?

Dolo wa Geni

Mayi, zimenezo n'zophweka. Madzulo aliwonse tengani 10% ya zimene mwagulitsa, imeneyo ndi yanu. Zotsalazo musakhudze, ndi zokaodera. Ine ndimatero ndipo geni yanga sinagwepo. Pa 50,000 ndiye kuti yanu ndi 5,000 pa tsiku, basi.

Achimwene Jere

Vuto lanu ndi mpamba wochepa. Pezani ngongole muwonjezere katundu. Shopu yodzadza imaitana yokha makasitomala.

Mayi a Tadala

Achimwene Jere, werenganinso zimene alemba. Sananene kuti mpamba unali wochepa, akuti ukuchepa. Mukathira madzi ena mu ndowa yodontha, mwangowonjezera madzi otayika, ndipo pa mapeto pake mubwezenso ndi chiwongoladzanja.

Anachisale, mawu anu akuti "si zambiri" andikumbutsa ine ndemwe zaka za m'mbuyomu. Ndifunse: sabata yathayi mwatengera kunyumba ndalama zingati, ndi katundu wa ndalama zingati? Osati kuganizira, koma nambala yake.

Nachisale

Amayi a Tadala, kunena zoona nambala ndilibe. Mwana akabwera kuti kunyumba mafuta atha, ndimangotsitsa botolo. Bambo ake akafuna ya thiransipoti m'mawa amatenga mu dilowa. Ine ndikafuna kugula ndiwo ndimatenganso momwemo. Ndimati poti shopu ndi yathu, kudzilembera ngongole ndekha ndi misala.

aNgozo

Si misala ayi, mayi. Ndinagwira ntchito yolemba mabuku a ndalama pa holoselo ina kwa zaka zambiri, ndipo ambiri amene ankabwera kudzaoda n'kudzasiya mwadzidzidzi sanagwe chifukwa chosowa malonda. Anadya mpamba osadziwa.

Tiyambe ndi dilowayo. Ndalama imene ili mmenemo madzulo imaoneka ngati yanu yonse, koma yambiri ili ndi mwini wake kale. Tinene kuti chinthu munaoda pa 860 n'kuchigulitsa pa 1,000. Pa 1,000 imene ili m'manja mwanu, 860 ndi ya shelefu, ikuyenera kubwerera kukagula chinthu china cholowa m'malo mwake. Yotsala 140 nayonso si yanu yonse, chifukwa lendi, magetsi, majumbo ndi ulendo wokaoda zikudya pomwepo. Chimene chatsala zimenezo zitachoka ndicho mungapite nacho kunyumba shopu osaonda. Mukatenga chopitirira, palibe belu limene lilire. Mudzangozindikira tsiku lokaoda, ngati mmene mukuzindikirira panopamu.

Ndiye musanasinthe chilichonse, yezani kaye. Ndikupemphani mwezi umodzi wokha, ndipo mwezi umenewo muzitenga ngati mmene mumatengera masiku onse. Kungoti muzilemba.

Pa 1, musanatsegule, werengani chuma chonse cha shopu. Katundu yense wa pa shelefu ndi wa m'makatoni, pa mtengo woodera, osati wogulitsira. Phatikizanipo ndalama za mu dilowa, za pa foni zimene zili za shopu, ndi ngongole zimene anthu ali nazo kwa inu. Kenako chotsani ngongole zimene shopu ili nazo kwa ena. Nambala yotsalayo ilembeni pa tsamba loyamba la kope, muitseke mzere. Umenewo ndiwo mpamba wanu weniweni lero. Mwezi ukatha mudzachitanso chimodzimodzi, ndipo manambala awiriwo ndi amene adzatiuze zoona.

Pakati pa mwezi, tsiku lililonse likhale ndi tsamba lake. Lijambuleni mizere kuti likhale ndi zigawo zitatu. Chigawo choyamba ndi ndalama zalowa. Chachiwiri ndi zimene zatuluka pa ntchito ya shopu, monga kuoda, lendi, thiransipoti yokaodera. Chachitatu chilembeni pamwamba kuti "za kunyumba", ndipo mmenemo muzilowa chilichonse chopita ku banja, kaya ndi ndalama kaya ndi sopo mmodzi, katunduyo pa mtengo woodera. Chigawo chachitatuchi ndicho chimapweteka kulemba, ndipo ndicho chili ndi yankho lanu.

Nachisale

aNgozo, zikomo. Koma zolowazo ndilembe kasitomala aliyense? Nthawi ya m'mawa anthu amadzadza. Bwanji ndingowerenga ndalama madzulo n'kulemba kuti lero ndagulitsa mwakuti?

aNgozo

Apo ndi pamene ambiri amatayira njira. Mukawerenga za mu dilowa madzulo n'kuzitcha "zogulitsa", ndalama iliyonse imene yatuluka osalembedwa yabisala. Munagulitsa 52,000, wina anatengapo 3,000 masana, inu mulemba 49,000 n'kumati lero malonda anali ozizira. Kope lotero limangobwereza zimene dilowa ikunena, silingaitsutse.

Simukuyenera kulemba dzina la katundu. Ikani pepala pa kauntala, muzingolemba nambala: 500, 1,200, 300. Madzulo phatikizani. Kenako tengani ndalama zimene munayamba nazo m'mawa, phatikizani zolowa, chotsani za chigawo chachiwiri ndi ndalama zokha za chigawo chachitatu, osati katundu. Yankho lake ndi ndalama imene ikuyenera kukhalapo. Mukatero ndiye werengani imene ilipodi, ya mu dilowa ndi ya pa foni pamodzi. Zikasiyana, musakonze nambala kuti zifanane. Lembani pansi pa tsamba kuti "shoti 700" kapena "yapitirira 200", n'kugona.

Wogula pa ngongole musamulembe pa pepala la pa kauntala, chifukwa ndalama sinalowe. Ameneyo apite mu kope la ngongole, ndipo adzalowe mu chigawo choyamba tsiku limene wabweza.

Mayi a Tadala

Ine ndiwonjezere zimene zinandithandiza, poti ine kulemba kunkandivuta poyamba. Ndinasiya kusunga ndalama yanga ndi ya shopu m'chikwama chimodzi. Ya shopu ili ndi chitini chake, yanga ili m'kachikwama. Pa foni napo ndinatenga nambala yachiwiri ya shopu yokha, chifukwa kale m'bale wanga akanditumizira ndalama, inkasakanikirana ndi ya makasitomala, kenako ndikagula mayunitsi sindinkadziwa kuti ndadya ya ndani. Ndipo ndikafuna shuga wa kunyumba, ndimatulutsa ndalama m'kachikwama n'kuponya m'chitini ngati kasitomala wina aliyense. Ana ankandiseka. Pano nawonso akafuna switi amabwera ndi ndalama.

Dolo wa Geni

Koma aNgozo mukuwavutitsa mayiwa ndi masamu. Njira yanga ija ikuchita zomwezo, kusiyanitsa za nyumba ndi za shopu, popanda makope atatu.

aNgozo

Mwakhoza mbali imodzi, achimwene. Kukhala ndi malire a zimene mwini shopu angatenge ndi nzeru, ndipo ndi kumene tikupita. Koma 10% munaitenga kuti? Ngati katundu wanu mumaikapo phindu lalikulu ndipo simulipira lendi, 10% ikhoza kukhala yochepa kuposa phindu lanu, n'chifukwa chake simunagwe. Wogulitsa za golosale, zimene mitengo yake aliyense amaidziwa ndipo sungakweze kwambiri, akhoza kukhala kuti chotsala chake sichifika 10%. Tidikire manambala a Anachisale, mudzaona nokha.

Dolo wa Geni

Ine ndimagulitsa zotchingira mafoni ndi matchaja. Lendi sindilipira, n'zoona.

Nabanda

Pepani kulowerera, koma nkhani ya kope ndi yophweka pamene uli wekha. Ine ndinayesa. Amuna anga atangoona dzina lawo mu kope, ndi ndalama imene anatenga, anakhala masiku awiri osandiyankhula. Akuti ndikuwawerengera ngati wantchito. Mpamba woyambira shopu anapereka ndi iwowo, ndiye amati palibe angawaletse. Kope ndinalisiya. Nanga wotere ungamutani?

Mayi a Tadala

Anabanda, cholakwika chinali kulemba dzina. Ine sindilemba kuti watenga ndani, ndimalemba kuti yapita ku chiyani: thiransipoti, ndiwo, mankhwala, fizi. Ndipo tsamba loyamba limene ndinawaonetsa bambo a kunyumba linali lodzadza ndi zimene ndinatenga ineyo. Munthu sakwiya akaona kuti wayamba kudziulula ndiwe. Nkhanga zinapangana kusanapse: mukambirane tsiku limene kulibe mkangano, osati pa nthawi imene dzanja lawo lili kale mu dilowa.

Nabanda

Mwina kwa inu zinatheka. Kwathu ngakhale ndilembe "thiransipoti", akudziwa kuti ndikunena iwo.

Achimwene Jere

Ngati mpamba anapereka ndi mwamuna, ali ndi ufulu wotenga. Ine sindikuonapo vuto.

aNgozo

Ufulu ali nawo, ndipo kope silimuletsa. Kope limangonena kuti ndalama yatuluka. Wopereka mpamba ndiye woyenera kufunitsitsa kudziwa ngati mpamba wake ukadalipo. Koma za m'banja la Anabanda sindingaweruze, ine ndimadziwa manambala.

Chimodzi chokha chimene nkhaniyi yandikumbutsa: msewuwu uli ndi mbali ziwiri. Tsiku lina shopu ikashota, bambo kapena mayi amatulutsa ndalama ya m'thumba mwake n'kuwonjezera pokaoda. Imeneyonso ilembedwe, m'mbali mwa tsamba, kuti "yochokera kunyumba". Mukapanda kutero, pakutha pa mwezi idzaoneka ngati phindu, n'kumasangalala ndi ndalama imene shopu sinapange.

Nachisale

Ndabweranso, mwezi watha. Ndinalemba tsiku lililonse, ngakhale masiku ena ndinkalemba maso akutsekeka. Kuwerenga katundu kunanditengera Lamlungu lonse masana, mwana wanga akutchula ine ndikulemba.

Pa 1 zinali chonchi. Katundu 820,000. Mu dilowa 60,000, pa foni 40,000. Anthu anali ndi ngongole zanga za 45,000. Ine ndinali ndi ngongole ya 100,000 kumene ndimaoda. Zonse pamodzi, nditachotsa ngongoleyo, 865,000.

Dzulo ndawerenganso. Katundu 730,000. Mu dilowa 55,000, pa foni 30,000. Ngongole za anthu zafika 70,000. Kumene ndimaoda ikadali 100,000. Yatuluka 785,000.

Ndiye kuti ndaluza 80,000 mwezi umodzi? Mtima wanga wasweka. Mwina ndingotseka.

Zina: ndalama zonse zimene makasitomala anapereka ndi 1,475,000. Ndinaoda katundu wa 1,235,000. Lendi, magetsi, thiransipoti yokaodera ndi majumbo zinakwana 85,000. Mu chigawo cha kunyumba muli ndalama 140,000, ndi katundu wa 35,000 pa mtengo woodera. Kuchokera kunyumba sikunabwere kalikonse.

Achimwene Jere

Mwaona? Ndinanena kuti shopu yaing'ono simapindula.

aNgozo

Musatseke, mayi, ndipo Achimwene Jere dikirani kaye. Shopuyi sinaluze. Yapanga phindu, koma nyumba yatenga zoposa phindulo. Zinthu ziwirizi n'zosiyana ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Tiyeni pang'onopang'ono. Mpamba watsika kuchoka pa 865,000 kufika pa 785,000, ndiye watsika ndi 80,000. Koma mwezi womwewo shopu yadyetsa banja: ndalama 140,000 ndi katundu wa 35,000, pamodzi 175,000. Mukanapanda kutenga zimenezo, mpamba ukanakwera ndi 95,000, chifukwa 175,000 kuchotsa 80,000 ndi 95,000. Ndiye phindu limene tikuliona ndi maso ndi 95,000.

Koma pali kanthu kena kamene manambala anu akundinong'oneza. Tiyeni titsate ndalama yokha, tisiye katundu. Munayamba mwezi ndi 100,000, ya mu dilowa ndi ya pa foni. Yalowa 1,475,000, ndiye pamodzi 1,575,000. Chotsani 1,235,000 yokaodera, itsala 340,000. Chotsani 85,000 ya lendi ndi zinazo, itsala 255,000. Chotsani 140,000 ya kunyumba, itsala 115,000. Imeneyo ndiyo inayenera kukhala m'manja mwanu dzulo. Inu mwapeza 55,000 ndi 30,000, ndiye 85,000. Pali 30,000 imene inalowa koma palibe tsamba likunena kumene inapita.

Ngati 30,000 imeneyo inapita kunyumba osalembedwa, ndiye kuti phindu lenileni la shopu ndi 125,000, ndipo banja linatenga 205,000. Kusiyana kwake ndi 80,000 yomwe ija. Makatoni opanda kanthu a pa shelefu ya pamwamba ndi amenewo.

Bwererani m'masamba anu muone mashoti amene munkalemba pansi madzulo. Aphatikizeni, ndipo muone kuti akuluakulu akugwera masiku ati.

Dolo wa Geni

Eee. Ndawerengera njira yanga ija. 10% ya 1,475,000 ndi 147,500. Ndiye ngakhale mayiwa akanatsata zanga ndendende, akanadyabe mpamba ndi 22,500 pa mwezi, ndipo tikaphatikiza katundu wotengera kunyumba uja ndiye zoposa. Chabwino aNgozo, ndagonja theka. Komabe bwenzi zili bwinoko kusiyana ndi 80,000.

Nachisale

Ndaphatikiza mashoti. Akwanadi 30,000, sindinaganize zowaphatikiza chifukwa tsiku lililonse ankaoneka aang'ono. Pa imeneyo, 24,000 ikugwera masiku asanu ndi atatu, Lachiwiri ndi Lachisanu, masiku amene ndimapita kukaoda. Ndikachoka ndimasiya mphwanga, nthawi zina bambo a kunyumba. Yotsala 6,000 yamwazikana masiku ena onse, 200 apa, 300 apo. Mutu wanga watentha. Mwana amene ndikumuphunzitsa ndi ndalama zanga angandibere?

Mayi a Tadala

Dekhani, musamufunse usiku uno muli ndi mkwiyo. 24,000 pa masiku asanu ndi atatu ndi 3,000 pa tsiku. Kodi masiku amenewo ndiwo amagula ndani, inu mutachoka m'mamawa? Nkhomaliro ya wotsala mu shopu imachokera kuti?

aNgozo

Funso labwino limenelo. Ndipo palinso njira ina imene shoti imabwerera popanda wakuba. Wotsala mu shopu akapatsa munthu katundu pa ngongole, n'kulemba nambala pa pepala la pa kauntala ngati walipira, koma osalemba mu kope la ngongole, madzulo dilowa imashota ndi ndalama imeneyo. Apo ndalama sinasowe, ili kwa kasitomala amene inu simukudziwa kuti ali ndi ngongole. Kulakwitsa chenji nako kumachitika, makamaka kwa munthu wosazolowera mitengo. Ya 6,000 yomwazikanayo ine ndingaiike pamenepo, sindingataye nayo tulo.

Kope limakuuzani tsiku ndi kuchuluka kwake. Silingakuuzeni dzanja. Chimene mungachite ndi ichi: musanachoke Lachiwiri, werengerani limodzi ndi wotsalayo ndalama ya mu dilowa, alembe yekha nambala. Mukabwera muwerengerenso limodzi. Musiyeninso ndi ndalama ya ndiwo pa yokha, yochokera m'kachikwama ka kunyumba, kuti asakhale ndi chifukwa chotsegulira dilowa. Masabata awiri akwana kuti muone ngati shoti yasiya.

Nachisale

Za ndiwo sindinaganize. N'zotheka ndithu, chifukwa ndikabwera ndimapeza ataphika ndipo sindifunsa. Nanga tsopano ndizitenga zingati?

aNgozo

Mwezi umodzi ndi wochepa kuti tikhulupirire nambala, mwezi wina malonda amatsika. Koma poyambira, ndikanakhala ine ndikanadziikira malipiro a 100,000 pa mwezi, n'kusiya 25,000 mu shopu kuti iyambe kubwezeretsa zimene zinadyedwa. Musatenge yonse pa kamodzi. Tengani 25,000 pa 1, pa 8, pa 15 ndi pa 22. Ndikutchula madeti osati "Loweruka lililonse" chifukwa miyezi ina ili ndi Maloweruka asanu, ndipo mungadzipeze mwatenga 125,000. Katundu wa kunyumba achokere mu 100,000 yomweyo, ngati mmene amachitira Amayi a Tadala. Mukawerenganso miyezi iwiri ikubwerayi, phatikizani phindu la miyezi itatu, gawani patatu, mukonze malipirowo.

Nachisale

Koma aNgozo, nyumba yazolowera 205,000. Ndikhala bwanji ndi theka lake?

aNgozo

Limenelo ndi funso lenileni, ndipo kope silingaliyankhe. Lakuonetsani kuti shopu iyi, pa kukula kwake kwa lero, ingathe kunyamula pafupifupi 125,000 osati 205,000. Mpata wa 80,000 uyenera kutsekedwa ndi china: malipiro a bambo, kuchepetsa zina kunyumba, kapena phindu la shopu likwere. Ukapanda kutsekedwa, werengani nokha. Mpamba wa 785,000, ukamatsika ndi 80,000 mwezi uliwonse, sufika miyezi khumi. Ndipo zimafulumira kuposa apo, chifukwa katundu akamachepa makasitomala amayamba kupeza kuti chimene akufuna palibe, malonda amatsika, phindu limatsika, koma nyumba ikudyabe chimodzimodzi.

Yambani ndi kuyang'ana mu 140,000 ija. Muone kuti ndi zingati zinali za tsiku ndi tsiku, ndi zingati zinali zinthu zikuluzikulu zobwera kamodzi.

Nachisale

Muli fizi ya 45,000 ndi mankhwala a mwana a 12,000. Zina zonse ndi zing'onozing'ono.

Mayi a Tadala

Ndiye si zoopsa ngati mmene zimaonekera, fizi simulipira mwezi uliwonse. Koma fizi si ngozi, tsiku lake limadziwika. Ine ndimaigawa pa masabata, n'kumaika pambali kuchokera pa malipiro anga. Matenda ndiwo sapangana. Mwana akadwala usiku palibe mayi angayambe kufunsa kope, umatenga m'chitini n'kuthamanga. Kungoti m'mawa mwake ndimalemba kuti ndabwereka ku shopu, ndipo ndimabweza pang'onopang'ono podula malipiro a masabata otsatira.

Koma aNgozo, pali pamene sindikugwirizana nanu. Mwawauza kuti katundu wa kunyumba alembe pa mtengo woodera. Ine ndimalipira mtengo wogulitsira. Botolo la mafuta limene ndatenga likanagulidwa ndi kasitomala, ndiye shopu yataya phindu lake.

aNgozo

Powerengera phindu la mwezi wathawu, mtengo woodera ndiwo wolondola, chifukwa katundu wa pa shelefu tinamuwerenganso pa mtengo woodera. Tikasakaniza mitengo iwiri, tidzapeza phindu limene palibe analipira. Munthu sapanga phindu podzigulitsa yekha. Ndipo kasitomala sanabwerere chimanjamanja, pokhapokha ngati botololo linali lomaliza.

Mayi a Tadala

Pa masamu mwina mukulondola. Koma ndikamalipira mtengo woodera, ndimayamba kuona ngati zinthu za mu shopu yanga n'zotchipa, ndipo dzanja limapepuka. Mtengo wa kasitomala umandiluma, ndiye ndimaganiza kawiri. Ine sindisintha.

aNgozo

Ngati ndalama ikuchokadi m'kachikwama n'kugwera m'chitini, palibe chikuwonongeka, yalowa ngati malonda ena onse. Kungoti mukulipira shopu yanu phindu kuchokera pa malipiro amene shopu yomweyo inakupatsani. Aliyense akhale ndi njira yake, bola asamasinthesinthe pakati pa mwezi.

Nabanda

Ine ndaona china pa manambala a Anachisale chimene palibe wanena. Ngongole za anthu zakwera kuchoka pa 45,000 kufika pa 70,000, ndipo mwaziwerenga ngati chuma. Kwa ine ngongole zambiri zimene sizibwera ndi za achibale. Mlamu akatenga katundu n'kunena kuti "mulembe", tonse awiri timadziwa kuti sadzalipira. Imeneyo ndi ngongole kapena ndi za kunyumba?

aNgozo

Mwagwira pofunika, Anabanda. Ngati pomupatsa mukudziwa kale kuti simudzamulonjerera, musanamize kope la ngongole. Imeneyo ndi mphatso ya banja, ilowe mu chigawo chachitatu ndipo idye malipiro anu. Mudzaona kuti kupatsa kumayamba kukhala ndi malire kukamachokera m'thumba lanu.

Anachisale, yang'anani mu 70,000 imeneyo. Ngongole iliyonse imene yatha miyezi isanu ndi umodzi osabwezedwako ngakhale pang'ono, ichotseni pa chuma cha shopu. Dzina likhalebe mu kope, akadzalipira mudzasangalala. Ngati ngongole yakaleyo inalipo kale pa 1, ichotseni pa manambala onse awiri, woyamba ndi womaliza. Phindu la mwezi silisintha, koma mpamba wanu udzaoneka kukula kwake kwenikweni.

Nachisale

Ilipo ya 20,000 ya achimwene anga, ya chaka chatha. Ndiye mpamba ndi 765,000. Ndikamafufuza zikungochepa.

Dolo wa Geni

Funso langa aNgozo. Mitengo ya ku holoselo ikakwera pakati pa mwezi, katundu wa pa shelefu timuwerenge pa mtengo wakale kapena watsopano?

aNgozo

Olemba mabuku amawerenga pa mtengo umene munalipira. Koma chenjerani, chifukwa mitengo ikamakwera nambala ikhoza kukusekererani pamene shelefu ikulira. Tinene kuti mwezi watha munali ndi makatoni 12 a sopo, lililonse 20,000, pamodzi 240,000. Mwezi uno muli ndi makatoni 11 amene mwaoda pa 22,000, pamodzi 242,000. Pa ndalama mwakwera ndi 2,000. Pa sopo mwatsika ndi katoni yathunthu. Mukatenga "phindu" lonse limene kope likuonetsa nthawi yotere, shopu ikuchepa ngakhale masamu onse ali olondola. N'chifukwa china ndinati Anachisale asiyemo 25,000.

Chimene ndinkawauza anthu ndi chakuti asankhe mitundu khumi ya katundu woyenda kwambiri, ndipo tsiku lowerenga azilembanso kuchuluka kwake, makatoni kapena madazeni, pa tsamba la kumapeto kwa kope. Mizere imeneyo ikamatsika miyezi itatu yotsatizana, malipiro anu ndi aakulu kuposa mphamvu ya shopu, kaya ndalama zikunena chiyani.

Mayi a Tadala

Ndipo mtengo wogulitsira muzikweza tsiku limene mwamva kuti ku holoselo zakwera, osadikira kuti katundu wakale athe. Mukagulitsa wakale pa mtengo wakale, ndalama yake sikwanira kugula wolowa m'malo.

Achimwene Jere

Apo makasitomala amathawa. Amadziwa kuti katunduyo ndi wakale.

Mayi a Tadala

Ena amathawadi. Ine ndimakweza.

Nachisale

Ndikudziwitseni mmene zathera. Lachiwiri tinawerengera limodzi ndi mphwanga ndisanachoke, ndipo ndinamusiyira ya ndiwo pa yokha. Madzulo shoti inali 400 yokha. Ndinamufunsa mofatsa za mwezi watha, anati ndiwo ndi makala ankagula ndi ya mu dilowa, ankaganiza kuti ndikudziwa. Titawerengera, zimenezo zikufika mwina 15,000 pa masiku asanu ndi atatu aja. Anakumbukiranso mayi wina amene anatenga katundu wa 2,500 pa ngongole, sanamulembe mu kope. Yotsala 6,500 palibe akuikumbuka, ndipo masiku awiri mwa masiku amenewo mu shopu munali bambo a kunyumba. Sindinawafunse.

Kope ndinawaonetsa dzulo usiku, ndinayamba ndi tsamba la zimene ndinatenga ine monga ananenera Amayi a Tadala. Analiyang'ana nthawi yaitali. Avomera kuti fizi ya teremu ikubwerayi achita ndi iwo. Za thiransipoti ya m'mawa ati tikambirana. Lero m'mawa atenganso 1,000 mu dilowa, koma anaima pa khomo n'kunena kuti "ulembe".

Nabanda

Anu afika pa "ulembe". Ine ndagula kope lina lero, ndaliika pansi pa kauntala. Pa 1 ndiwerenga katundu iwo atapita ku ntchito. aNgozo, firiji ndi sikelo nazonso ndiziwerenge ngati katundu?

aNgozo

Ayi, zisiyeni kunja, werengani zogulitsa zokha. Koma mwezi umene mudzagule chinthu ngati chimenecho ndi ndalama ya shopu, mudzachilembe pambali ndi mtengo wake, apo ayi mpamba udzaoneka ngati wagwa pamene ndalamayo yangosanduka firiji.